Mphindi zinayi pakhonde la golosale

Munthu amene anatsegula golosale ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 2014, n'kufika 2024 akutsegulabe chitseko m'mawa uliwonse, ali ndi nkhani yoti akhoza kuikamba mpaka dzuwa kulowa. Pamene ankayamba, ndalama yaikulu m'kabati mwake inali ya K1,000, ndipo dola imodzi inkasinthidwa ndi makwacha 400 ndi kanthu. Ya K2,000 inatuluka kumapeto kwa 2016, ya K5,000 inabwera mu 2022. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, moti pofika 2024 dola inali itadutsa K1,700 kubanki. Pakati apa panadutsa Covid-19, panadutsa mdima wa magetsi namondwe Ana ataononga ku Kapichira, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za anthu. Ngakhale masitolo a PTC, amene anthu ankaona ngati sadzatha, anatseka mu 2022.

Koma tsiku la chikondwerero cha zaka 10 likafika, mwini golosaleyo akapatsidwa chimkuzamawu, amakhala ndi mphindi zitatu kapena zinayi basi. Anthu ambiri aimirira padzuwa. Amayi abereka ana, akabaza asiya njinga pamsewu, ndipo maso a aliyense akuponyedwa kukreti ya zakumwa. Apa ndi pamene eni masitolo ambiri amaphonya. Amatenga mphindi zochepazo n'kuzithera pa mbiri ya mavuto awo ndi nzeru zawo, makasitomala amene anaitanidwa kudzathokozedwa n'kungolandira “zikomo nonse” wa kumapeto, woyankhula akubweza kale chimkuzamawu.

Mawu othokoza amagwira mtima ngati akunena chimene makasitomalawo anachita, mwakuti womvera adzizindikire yekha. Zina zonse ndi zokometsera chabe.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze kuti mwini golosaleyi ndi mayi wa zaka za m'ma 40. Anayamba ndi kaokala ka mazenera a waya, mpamba anautenga kubanki m'khonde, ndipo katundu amakaoda ku Limbe. Lero ali ndi chipinda chachikulu, firiji imodzi, mnyamata wothandiza kugulitsa, ndiponso amatumiza ndi kulandira ndalama za pafoni. Wakonza kaphwando ka Loweruka masana pakhonde la golosale. Kodi ayankhule chiyani?

Ntchito yoyamba sichitika ndi cholembera. Mayiyu akhale pansi madzulo atatseka, akumbukire anthu amene amaonekera pazenera lake kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Oyamba ndi amayi okazinga mandasi ndi zitumbuwa, amene amafuna fulawa, yisiti ndi mafuta oyeza tambala asanatsike. Kenaka ana otumidwa buledi ndi kashuga ka m'pepala, ndalama ataifumbata m'manja mpaka kunyowa. Masana kumabwera amisiri ofuna chakumwa chozizira. Madzulo ndi nthawi ya amene ayenda tsiku lonse n'kupeza yongokwanira kathumba ka ufa ka tsiku limodzi, kabotolo ka mafuta ndi kandulo. Kumapeto kwa mwezi kumabwera aphunzitsi ndi alonda kudzalipira zimene anatenga. Amenewa ndiwo asunga golosaleyi zaka 10. Wogula katoni yathunthu kamodzi pachaka, ngakhale atabwera pagalimoto, sanaisunge ndi iye.

Akawalemba magulu amenewa, theka la zoyankhula zake lapezeka.

Malonje ndi amene amadya nthawi. Pamwambo wa kwathu kuno munthu sangoyamba nkhani akuluakulu asanawapatse ulemu, ndipo mfumu ikadumphidwa, zonse zabwino zimene zinenedwe pambuyo pake zimapita m'madzi. Koma palibe chifukwa chotchulira munthu aliyense wokhala pampando. Wotsogolera mwambo amakhala atawatchula kale onse. Mwini sitolo angoti: “A mfumu, abusa, akuluakulu a pamsika, makolo anga, amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, ndi inu ana anga, zikomo.” Mpweya umodzi wakwana. Ana asawaiwale, chifukwa m'makomo ambiri mwana ndiye amasankha zenera lokagula akatumidwa, ndipo akamva kuti atchulidwa amakanena kunyumba.

Malo a mawuwa pandandanda nawonso ndi ofunika kuwaganizira. Abwere pemphero litatha, mfumu kapena mlendo wolemekezeka asanayankhule, popeza wamkulu ndiye amatsekera. Ndipo zakumwa zisanagawidwe. Mabotolo akangotsegulidwa, khamu limagawika pawiri: ofuna kulandira ndi amene alandira kale akuyang'ana njira.

Mbiri ya golosale ili ndi malo ake, koma ikhale ya ziganizo zitatu kapena zinayi, ndipo ikhale ndi chinthu chooneka ndi maso. Mayi wathu uja akhoza kunena motere:

“Ena a inu mukukumbukira kaokala kaja kanali apo pali thanki lamadzi. Tsiku loyamba munali mabelo awiri a shuga, katoni imodzi ya sopo ndi botolo la maswiti. Mpamba wake anandibwereka amayi anzanga a kubanki m'khonde, ena ndi awa akhala apawa.”

Mawu ochepawa akugwira ntchito ziwiri. Yoyamba, akale amayamba kugwedeza mitu ndi kulozerana pomwe panali kaokalako, ndiye kuti nkhani yasanduka yawo. Yachiwiri ndi yosanenedwa poyera. M'madera mwathu munthu akatukuka pa malonda sipalephera kumveka manong'onong'o oti ndi wokhwima, ali ndi chizimba. Kunena pagulu kumene mpamba unachokera, eni ake obwereketsa ali pompo akumva, kumatseka pakamwa ambiri kuposa kulumbira. Pa chifukwa chomwecho, mwini sitolo wanzeru satchula phindu limene amapeza pa tsiku, nyumba zimene wamanga kapena sukulu yodula imene ana ake amapita. Omverawo amawerengera mumtima kuti njerwa zimenezo zinachokera m'matumba mwawo, ndipo wakuba nayenso amabwera kuphwando.

Tsopano pafika pamtima pa nkhani, pamene mphindi ziwiri mwa zinayi zija ziyenera kuthera. “Zikomo chifukwa chotigula” ndi mawu olembedwa kale pakhoma la sitolo iliyonse, moti khutu silimawamvanso. Chofunika ndi kutchula nthawi yeniyeni imene makasitomala akanatha kuchoka koma sanachoke. Ku Chilobwe nthawi zotere sizisowa:

“Kwacha itagwa mu Novembala chaka chatha, ndinapita ku Limbe ndi ndalama ya makatoni khumi n'kubwerako ndi asanu ndi limodzi. Ndinasintha mitengo kawiri sabata imodzi. Munadandaula, ena munandikalipira pazenera pomwepa, ndipo simunalakwe. Koma m'mawa mwake munabweranso. Shuga atasowa chaka chino ndinkagulitsa paketi imodzi pa munthu, ena munabwerera chimanjamanja, koma simunandisiye. Magetsi atavuta, munamwa zakumwa zotentha ngati tiyi, ndalama n'kulipira yonse.”

Pamenepa anthu amaseka, ndipo kuseka kwake ndi kwa munthu amene wakumbutsidwa zoona. Onani kuti mayiyu sakudzitama kuti anapirira. Wopirira m'nkhaniyi ndi kasitomala. Onaninso kuti wavomereza kuti mitengo inawapweteka, popanda kuyamba kufotokoza za chuma cha dziko kapena kuloza chala boma. Ndale pakhonde la golosale n'zoopsa: amene amagula mchere pamenepo amavala nsalu za zipani zosiyanasiyana, ndipo chiganizo chimodzi chikhoza kusamutsira mabanja angapo kuzenera la mnzake.

Palinso amene sangabwere. Golosale ya ku Chilobwe imene inadutsa mu Malichi 2023 inataya makasitomala, ena mabanja athunthu. Kuyankhula za zaka 10 ngati kuti zimenezo sizinachitike kungamveke kuuma mtima, komanso kukhalitsa pamenepo kungasandutse phwando kukhala maliro. Chiganizo chimodzi n'chokwanira, chonga chakuti “alipo anzathu amene ankaima pazenera ili tsiku ndi tsiku koma matope aja anatilanda, sitinawaiwale,” kenaka kukhala chete pang'ono. Asatchule maina pokhapokha atapempha achibale awo pasadakhale.

Nkhani ya maina ndi yoterera ngakhale kwa amoyo. Kutchula kasitomala mmodzi n'kusiya wina amene anayamba kugula tsiku lomwelo kumabala chidani chimene chimatha zaka. Njira yosavuta ndi kuthokoza magulu: amayi a mandasi, akabaza amene amanyamula katundu kuchokera pasiteji, aphunzitsi, ana. Aliyense amadzipeza m'gulu lina. Ngati pali munthu woti atchulidwe ndithu, akhale amene palibe angatsutse, monga gogo amene anagula tsiku loyamba ndipo dera lonse likudziwa. Ngakhale iyeyo afunsidwe dzulo lake. Ena safuna kuimiritsidwa pagulu, ndipo mayi wapabanja akatamandidwa kwambiri ndi bambo mwini sitolo, mawu amenewo amakafika kunyumba atasintha maonekedwe.

Kenaka pali buku lija. Golosale iliyonse ya m'dera ili ndi kope la ngongole pansi pa kauntala, ngakhale pakhoma patalembedwa kuti ngongole mawa. Kunena zoona, makasitomala okhulupirika kwambiri ndi omwewo amene maina awo adzaza m'kopemo, chifukwa munthu amakongola kumene amadziwika. Ndiye pa tsiku la chikondwerero mwini sitolo amaona pagulupo nkhope zingapo zimene zakhala zikuzemba njira kwa miyezi, ndipo lilime limayabwa.

Alimeze. Chiganizo ngati “ena muli pano mukumwa zakumwa zanga koma simunandilipire” chimaseketsa anthu, inde, koma kuseka kukatha aliyense amayamba kuyang'ana mnzake. Amene ali ndi ngongole ya K3,000 ya dzana amachita manyazi mofanana ndi amene anathawa ndi K80,000, ndipo onse awiri Lolemba amakagula kwina. Ngongole imalondoledwa mwakachetechete, pakhomo kapena pafoni. Ngati kopelo litchulidwe, litchulidwe mothokoza: “Zikomo inu amene mumatenga pakati pa mwezi n'kudzalipira malipiro akatuluka, osadikira kukumbutsidwa. Ndalama imeneyo ndi imene ndimakaodera.” Wolipira wamva kuyamikiridwa, wosalipira wamvanso uthenga wake, koma palibe wavulidwa pagulu.

Enanso amatengeka ndi nthungululu n'kulengeza kuti ngongole zonse zakhululukidwa. Ndi mawu okoma kuwamva, koma amene analipira dzulo movutikira amadziona wopusa, ndipo chaka chamawa anthu amayamba kudikira chikondwerero china. Ngati pali gogo kapena wamasiye woti akhululukidwe, zichitikire kuseri.

Kutengeka komweku ndi kumene kumabala malonjezo osawerengera. Chimkuzamawu chili m'manja, anthu akuomba m'manja, mwini sitolo n'kuti sabata yonse katundu watsika ndi 10 peresenti. Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti chinthu china anachioda pa K2,000 ndipo amachigulitsa K2,200. Phindu ndi K200, thiransipoti ya ku Limbe isanachotsedwe. Akachotsa 10 peresenti pa K2,200, mtengo ukhala K1,980. Ndiye kuti pa chilichonse chogulitsidwa akutaya K20 ya mpamba weniweni, ndipo poti zatchipa, sabata imeneyo zidzagulidwa zambiri kuposa masiku onse. Shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mayunitsi ndi katundu wothamanga koma wa phindu lopyapyala, wosalola masewera otere. Lolemba likafika mwini sitolo amayenera kusankha pakati pa kudya mpamba ndi kubweza mawu ake, ndipo zonse ziwiri n'zowawa.

Mphatso yabwino ndi imene mtengo wake ukudziwika chimkuzamawu chisanayatsidwe. Mabokosi a machesi 100 kapena timapaketi ta mchere 100 togawa tsiku lomwelo ndi ndalama yowerengeka, yoti ikatha yatha. Basela wotere amamveka bwino kwa anthu athu kuposa maperesenti. Ndipo ngati mayiyu akufuna kulonjeza kanthu ka m'tsogolo, alonjeze chimene chili m'manja mwake, monga kutsegula 5 koloko m'mawa chifukwa cha amayi a mandasi, kusunga chenje chokwanira kuti asamabweze maswiti m'malo mwa ndalama, kapena kusintha katundu amene wapezeka kuti masiku ake anatha. Mtengo wa shuga wa chaka chamawa suli m'manja mwake, asaulonjeze.

Kupepesa kuli ndi malo akenso, koma kochepa. Zaka 10 sizingathe popanda tsiku limene mwana anabwezeredwa chenje choperewera kapena kasitomala anayankhidwa mwaukali. “Pamene tinakulakwirani, ine kapena mnyamata wangayu, mutikhululukire” ndi zokwanira. Kuyamba kufotokoza mlandu umodziumodzi n'kudzutsa zimene anthu anaiwala. Mnyamatayo atchulidwenso mothokoza, pamodzi ndi mlonda ndi a pabanja, chifukwa makasitomala ambiri amaonana ndi iyeyo kuposa mwini wake. Koma zimenezi zikhale zachidule, lero ndi tsiku la ogula.

Nanga miyambi? Pafupifupi pamwambo uliwonse wina amaimirira n'kukumbutsa anthu kuti mutu umodzi susenza denga. Ndi zoona, koma anthu amaumaliza okha mwambiwo woyankhula asanafike pakati, ndipo palibe chimene chimatsalira. Nkhani ya zakumwa zotentha ija idzakumbukiridwa nthawi yaitali kuposa miyambi itatu yotsatizana. Chimodzimodzinso ndime za m'Baibulo: abusa apemphera kale, ndipo pakati pa ogula pali Asilamu ndi a mipingo ina. Kuthokoza Mulungu m'chiganizo chimodzi palibe amakana, koma ulaliki ausiyire eni ake. Ngakhale posankha tsiku aganizire zomwezi, popeza Loweruka a Seventh Day amakhala kutchalitchi, ndipo m'dera mukagwa maliro phwando limayenera kusunthidwa, zakumwa zitagulidwa kale kapena ayi.

Chiyankhulo chake chikhale chomwe amayankhula pazenera. Pali chizolowezi choti munthu akagwira chimkuzamawu amasintha n'kuyamba Chingerezi cha pamsonkhano, kapena kuwerenga pepala limene mwana wa kusekondale wamulembera. Makasitomala amaudziwa mawu a mwini sitolo kuposa aliyense, akhala akutsutsana naye mitengo zaka 10, ndiye akamva mawu obwereka amazindikira nthawi yomweyo. Ndi bwino kulemba mitu isanu yokha pakapepala kokwana m'dzanja: malonje, poyambira, zimene anachita makasitomala, kupepesa ndi lonjezo, kutseka. Usiku wake ayeserere kawiri kapena katatu pamaso pa a m'nyumba, wina atagwira foni kuwerenga nthawi. Zikapitirira mphindi zinayi, chodula choyamba ndi mbiri ya iye mwini.

Ali mkati moyankhula, zizindikiro zimaoneka. Akamva anthu akuyankha okha kuti “eya” kapena “zoona”, amayi akugundana zigongono, ndiye kuti zikulowa. Akaona akabaza akubwerera kunjinga zawo, ana ayamba kuthamangitsana, wotsogolera mwambo wayandikira n'kuima pambali pake, nthawi yatha kale ndipo alumphire kumapeto. Woyankhula amene wanena kuti “pomaliza” kachitatu amakhala atataya gulu lonse.

Kutseka kwake kusakhale kotsatsa malonda. Anthu akudziwa kale kumene golosale ili ndi zimene imagulitsa, ndipo kuwawerengera katundu watsopano pamapeto pa mawu othokoza kumawapangitsa kuganiza kuti phwando lonse linali nyambo. Mayi wathu uja akhoza kungoti: “Ine ndilibe zambiri. Chitseko ichi mwachitsegula ndinu zaka 10. Zikomo kwambiri, a mfumu, zikomo nonse. Musachoke, pali kachakumwa.” Akatero abweze chimkuzamawu, atsike pakhonde, akagwire chanza anthu mmodzimmodzi, kuyambira agogo. Maina aja amene sanawatchule pagulu, apa ndiye pamalo pake.

Inu amene sitolo yanu ikuyandikira zaka 10, musadikire m'mawa wa tsikulo. Yambani sabata ino kulemba kuseri kwa kope lanu nthawi zitatu zimene makasitomala anu akanatha kukusiyani koma anabweranso, ndipo mtengo wa basela muuwerengere musanaitane anthu.